Uthenga Wopita kwa Sapulaya Katundu Asanaikidwe pa Malonda

Munthu wogula katundu pa intaneti, kapena kudzera m'kabuku ka malonda ka sitolo, sagwira katunduyo m'manja asanalipire. Amadalira chithunzi ndi mawu amene alembedwa pansi pake: kukula kwake, kulemera kwake, chimene anapangira, ndi umboni woti anayesedwa. Mawu amenewa wogulitsa sawapeka yekha. Amachokera kwa sapulaya, yemwe akhoza kukhala fakitale yeniyeni kapena kampani yongoodetsa katundu wa ena. Vuto n'lakuti pepala lofotokoza katundu limene sapulaya amayamba kutumiza limakhala lokopa ogula, ndipo nthawi zambiri limasiya zinthu zofunika kwambiri. Pamenepo wogulitsa amayenera kulemba uthenga wofunsa zimene zikusowazo, ndipo katunduyo amadikira kaye mpaka mayankho atabwera.

Nkhaniyi imamveka bwino ndi chitsanzo chimodzi. Sitolo ina ku Lilongwe ikufuna kuyamba kugulitsa nyali za sola zokhala ndi potchajira foni, zochokera ku fakitale ya ku Shenzhen m'dziko la China. Sapulaya watumiza zithunzi zokongola zisanu ndi kapepala kamodzi. Pa kapepalako palembedwa kuti nyaliyo ndi ya masentimita 18, ndi ya pulasitiki, batire lake ndi la 6000 mAh, imayaka maola 12, siilowa madzi, ndipo pansi pali zizindikiro za CE ndi ISO. Wosazolowera angaone ngati zonse zilipo. Zoona zake n'zakuti pa mfundo zonsezi palibe ngakhale imodzi imene ingalembedwe pa malonda momwe ilili.

Miyezo

Nambala ya masentimita 18 siikunena ngati ndi kutalika, mulifupi kapena msinkhu. Siikunenanso ngati anayeza nyali yokha, nyali ndi chogwirira chake, kapena bokosi limene imalowamo. Katundu aliyense amakhala ndi miyezo ya pa magawo atatu, ndipo iliyonse ili ndi mwini wake. Miyezo ya nyali yeniyeniyo ndi ya wogula, amene akufuna kudziwa ngati ikwana m'chikwama kapena pa shelefu. Miyezo ya bokosi la nyali imodzi ndi ya wotumiza katundu kwa makasitomala, monga wa njinga yamoto kapena wa basi yopita ku Mzuzu. Miyezo ya katoni yaikulu, pamodzi ndi chiwerengero cha nyali zimene zimalowamo, ndi ya wolipira mtengo wonyamulira katundu kuchokera kunja. Uthenga wabwino umafunsa zitatu zonsezi payokhapayokha, ndipo umanena kuti yankho likhale m'masentimita. Masapulaya ena amene amagulitsa kwambiri ku America amalemba m'mainchi osanena, ndipo inchi imodzi ndi masentimita 2.54, choncho nambala ya 7 ndi nambala ya 18 zikhoza kukhala za chinthu chimodzi chomwecho.

Kulemera nako kuli pawiri: kwa katundu yekha, ndi kwa katundu pamodzi ndi zokutira zake zonse. Koma pali chinthu chachitatu chimene chimadabwitsa ambiri oyamba kumene kuitanitsa katundu pa ndege. Onyamula katundu salipiritsa kulemera kwa pa sikelo kokha. Amawerengeranso malo amene katoni yatenga, pochulukitsa kutalika, mulifupi ndi msinkhu m'masentimita, kenako n'kugawa ndi 6000, pamene makampani ambiri otumiza maphukusi mwachangu amagawa ndi 5000. Nambala imene yakula pakati pa ya sikelo ndi yowerengerayi ndi imene imalipiridwa. Katoni ya nyali 24 yokhala ndi miyezo ya 60, 40 ndi 40 imapereka 96,000. Kugawa ndi 6000 kumabweretsa makilogalamu 16, ndipo kugawa ndi 5000 kumabweretsa 19.2, ngakhale katoniyo italemera makilogalamu 11 okha pa sikelo. Wogulitsa amene anaika mtengo wa nyali atawerengera makilogalamu 11 amazindikira katundu atafika kale kuti phindu lake ladyedwa ndi mpweya wa m'katoni.

Pa nyali ya sola palinso muyezo umene anthu amaiwala kawirikawiri, womwe ndi kutalika kwa waya wochokera ku panelo. Panelo imakhala padenga pamene nyali ili m'nyumba, ndipo waya wa mita imodzi sungafike. Wogula amene walandira waya wamfupi amabweza nyali yonse, ngakhale ikuyaka bwinobwino.

Zipangizo

Mawu akuti pulasitiki sanena kanthu, chifukwa mapulasitiki alipo amitundumitundu. Zikuto za nyali zambiri zimapangidwa ndi mtundu wotchedwa ABS, umene ndi wolimba koma umafooka ndi kusuluka ukamakhalitsa padzuwa ngati sanauthire mankhwala outeteza. Choncho funso loyenera limafuna dzina la pulasitiki wa chikuto, dzina la pulasitiki woonekera mkati wa kutsogolo kwa nyali, ndiponso ngati anatetezedwa ku dzuwa. Kwa chinthu chimene ntchito yake ndi kukhala padzuwa la mwezi wa Okutobala, funso lomalizali si lachabe.

Pamene pagona nkhani kwenikweni ndi pa batire. Nambala ya 6000 mAh payokha siinena kuchuluka kwa mphamvu imene batire lasunga, chifukwa imayenera kuchulukitsidwa ndi mavoliti a batirelo. Mabatire a lifiyamu amene amaikidwa m'nyali ali m'magulu awiri akuluakulu. Olembedwa LiFePO4 amakhala a 3.2 V, ndipo amapirira kutentha komanso kutchajidwa kambirimbiri. Ena wamba olembedwa Li-ion amakhala a pafupifupi 3.7 V. Batire la 6000 mAh la gulu loyamba limasunga 19.2 Wh, pamene la gulu lachiwiri limasunga 22.2 Wh. Nambala ya Wh imeneyi ndi imene imagwira ntchito, chifukwa imalola wogulitsa kuyesa malonjezo ena onse a sapulaya ndi masamu a ku pulayimale.

Ngati sapulaya wayankha kuti nyali imadya mawati 3 ikamawala kwambiri, 19.2 kugawa ndi 3 kumapereka maola 6.4, ndipo pogwiritsa ntchito zenizeni amachepera pamenepo chifukwa mphamvu ina imatayika m'njira. Maola 12 olembedwa pa kapepala aja ndiye kuti ndi a nyali ikamawala mofooka. Sapulaya sananame kwenikweni, koma wogulitsa akalemba maola 12 osafotokoza, bodzalo limakhala lake, ndipo kasitomala amene mwana wake wazimiridwa nyali ali mkati mowerenga sakadandaula ku Shenzhen. Masamu omwewo amagwira pa panelo. Panelo ya mawati 3 ikalandira dzuwa lamphamvu kwa maola 5 imapanga 15 Wh basi, osachotsera zotayika, ndiye kuti siingadzaze batire la 19.2 Wh tsiku limodzi. N'chifukwa chake uthenga umafunsa mawati a panelo, mawati a nyali pa mlingo uliwonse wa kuwala, ndi maola a mlingo uliwonse.

Palinso njira yodziwira ngati nambala ya batire yakokomezedwa. Mabatire ozungulira a lifiyamu amatchedwa ndi nambala za kukula kwake. Lotchuka kwambiri ndi 18650, la mamilimita 18 m'mimba mwake ndi 65 kutalika, ndipo labwino kwambiri la kukula kumeneku silipitirira kwenikweni 3500 mAh. Sapulaya akanena kuti m'nyali muli batire limodzi la 18650 la 6000 mAh, nambalayo ndi yabodza, ndipo palibe chifukwa chokambirananso. Akanena kuti muli awiri, kapena limodzi lalikulu la 32700, nkhaniyo ikhoza kukhala yoona. Funso la kukula ndi chiwerengero cha mabatire, pamodzi ndi pempho la chithunzi cha nyali yotsegulidwa, limavumbula zambiri kuposa satifiketi iliyonse.

Ngati m'bokosi muli chaja ya magetsi a m'nyumba, pulagi yake iyenera kufunsidwanso. Ku Malawi masoketi ndi a mano atatu ophwatalala ngati a ku Britain, ndipo magetsi ake ndi a 230 V. Fakitale imene sinauzidwe imaika pulagi imene ili nayo pafupi.

Masatifiketi

Gawo limeneli ndi limene anthu amapusitsidwa nalo kwambiri, chifukwa pepala lokhala ndi chidindo limaoneka lodalirika. Chizindikiro cha ISO chimene chili pa kapepala nthawi zambiri chimatanthauza ISO 9001, ndipo iyi ndi satifiketi ya kayendetsedwe ka ntchito m'fakitale. Siinena chilichonse za nyali ina yake. Chizindikiro cha CE nacho ndi cha katundu wogulitsidwa m'mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya, ndipo pa katundu wambiri wa magetsi wopanga amadziikira yekha, atasaina chikalata chonena kuti watsatira malamulo a kumeneko. Si chilolezo cholowetsera katundu ku Malawi. Phindu lake limabwera pokhapokha sapulaya ataonetsa chikalata chosainidwacho pamodzi ndi lipoti la labotale limene chikalatacho chatsamirapo.

Pepala limene silingasowe pa katundu wokhala ndi batire la lifiyamu ndi la UN 38.3. Limeneli ndi gawo la buku la malamulo a bungwe la United Nations okhudza kayesedwe ka katundu woopsa ponyamula. Lili ndi mayeso asanu ndi atatu, monga kuika batire pa mpweya wochepa ngati wa m'mwamba, kulitenthetsa ndi kuliziziritsa mosinthanasinthana, kuligwedeza, kuligunditsa, kugundanitsa mbali zake ziwiri, ndi kulitchaja mopitirira muyezo. Kuyambira pa 1 Januwale 2020, opanga ndi ogulitsa mabatirewa akuyenera kupereka chidule cha zotsatira za mayesowa kwa amene wachifuna. Popanda pepalali, wonyamula katundu wotsatira malamulo akhoza kukana katoni zija, ndipo zimakhala m'nyumba yosungira katundu ndalama zikuwerengeredwa tsiku ndi tsiku. Onyamula ambiri amafunanso pepala la chitetezo cha zipangizo limene anthu amalidziwa ndi zilembo za MSDS kapena SDS.

Mawu akuti siilowa madzi ali ndi muyezo wake wa nambala ziwiri zotsatira zilembo za IP, malinga ndi muyezo wa IEC 60529. Nambala yoyamba ndi ya fumbi ndi zinthu zolimba, yachiwiri ndi ya madzi. IP44 imatanthauza kuti chinthucho chimapirira madzi owazika, IP65 imatanthauza kuti fumbi sililowa ndipo chimapirira madzi opopera, koma palibe mwa ziwirizi chimene chinganyikidwe m'madzi. Wogulitsa amalemba nambala ya IP imene ili m'lipoti, osati mawu okoma a pa kapepala.

Pa nyali za sola palinso ndondomeko ya VeraSol, imene inalowa m'malo mwa ntchito yotsimikizira katundu ya Lighting Global. Katundu amayesedwa motsatira muyezo wa IEC TS 62257-9-8, ndipo mayina a amene wapambana amaikidwa poyera, kotero kuti aliyense akhoza kufufuza ngati mtundu wa nyali imene akupatsidwa ulipo. Kuno kwathu, katundu wolowa m'dziko amayang'aniridwa ndi bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo likulu lake lili ku Blantyre. Wogulitsa wanzeru amayamba wafunsa ku bungweli kapena kwa ejenti wake womuombolera katundu kuti adziwe mapepala amene adzafunike pa mtundu wa katundu wake, kuti awaphatikize mu uthenga womwewo.

Kupempha satifiketi n'kosavuta, koma ntchito yeniyeni ndi kuiwerenga. Choyamba kuona ndi nambala ya mtundu wa katundu. Lipoti la nyali ya mtundu wa SL-10 silikhudza nyali ya SL-20, ngakhale zikufanana maonekedwe, ndipo pepala la UN 38.3 liyenera kutchula batire lomwe lili pa chithunzi cha nyali yotsegulidwa chija. Kenako pamabwera dzina la kampani. Likasiyana ndi la sapulaya, nthawi zina ndi chifukwa chakuti iye amangoodetsa katundu wa fakitale ina, zomwe si mlandu, koma ayenera kufotokoza. Palinso deti, dzina la labotale ndi nambala ya lipoti. Labotale yodalirika imakhala yovomerezedwa pa muyezo wa ISO/IEC 17025, ndipo zambiri zimayankha munthu akafunsa ngati nambala ya lipoti ndi yawo. Chithunzi cha tsamba loyamba lokha, chojambulidwa ndi foni mopendekera, n'chosakwanira. Pamafunika lipoti lonse ngati fayilo ya PDF, chifukwa tsamba loyamba ndi limene limasinthidwa mosavuta.

Kalembedwe ka uthengawo

Wolandira uthenga nthawi zambiri ndi wogwira ntchito ku gawo la zamalonda, amene amayankha makasitomala ambiri pa tsiku ndipo Chingerezi si chiyankhulo chake. Mwina amaumasulira ndi makina asanauwerenge. Iye mwini sadziwa mtundu wa pulasitiki, amakafunsa kwa injiniya wa fakitale. Zimenezi zimalamula kalembedwe. Ziganizo zimakhala zazifupi, zopanda miyambi ndi mawu ozungulira. Funso lililonse limakhala ndi nambala yake ndipo limafunsa chinthu chimodzi, kuti yankho lodumphidwa lioneke msanga. Koposa zonse, palibe funso limene liyenera kulola yankho la inde kapena ayi. Wofunsa kuti kodi batire ndi labwino amayankhidwa kuti inde, bwenzi langa, ndi labwino kwambiri. Wofunsa mtundu, mavoliti ndi chiwerengero amalandira nambala kapena amalandira chete, ndipo chete naye amaphunzitsa kanthu.

Mwambo wa kwathu woyamba ndi malonje aatali uli ndi malo ake, koma apa mzere umodzi wa moni ndi wokwanira. Mutu wa imelo umatchula nambala ya katundu ndi chimene chikufunika. Uthenga wa sitolo ya ku Lilongwe ija, ngakhale ungatumizidwe m'Chingerezi, mfundo zake zingayende motere:

"Moni. Zikomo chifukwa cha zithunzi ndi mitengo ya nyali ya SL-20. Tikufuna kuiika pa malonda, koma sitingatero tisanalandire zinthu izi. (1) Kutalika, mulifupi ndi msinkhu wa nyali yokha, wa bokosi lake ndi wa katoni yaikulu, m'masentimita. (2) Chiwerengero cha nyali m'katoni, ndi kulemera kwa nyali imodzi ndi kwa katoni yodzaza, m'makilogalamu. (3) Kutalika kwa waya wa panelo. (4) Dzina la pulasitiki wa chikuto, ndiponso ngati anatetezedwa ku dzuwa. (5) Mtundu wa batire, mavoliti, kukula ndi chiwerengero chake, pamodzi ndi chithunzi cha nyali yotsegulidwa. (6) Mawati a panelo, mawati a nyali ndi maola oyaka pa mlingo uliwonse wa kuwala. (7) Chidule cha mayeso a UN 38.3 ndi SDS za batire lomwelo. (8) Lipoti lonse la mayeso a IP ndi chikalata cha CE, zotchula SL-20. Ngati pali chimene mulibe, chonde lembani kuti mulibe. Tikupempha mayankho pofika Lachisanu, chifukwa tidzalipira gawo loyamba la ndalama tikawalandira. Zikomo kwambiri."

Ziganizo ziwiri za kumapeto ndi zimene zimanyamula uthenga wonse. Kulola sapulaya kunena kuti alibe pepala lina kumamuchotsera chiyeso chotumiza satifiketi ya katundu wina pofuna kungotseka pakamwa wofunsa. Kulumikiza mayankho ndi malipiro kumachititsa kuti uthengawo uyankhidwe msanga, chifukwa mphamvu ya wogula imakhala yaikulu ndalama zisanatuluke. Zikangotuluka, mafunso omwewo amatenga masabata.

Makambirano ambiri ndi masapulaya amachitika pa WhatsApp kapena WeChat, ndipo njirazi n'zabwino pokumbutsana. Mafunso enieni ndi mayankho ake ndi bwino adutse pa imelo, pamene mafayilo satayika foni ikasowa, ndipo angaonetsedwe tsiku la mkangano. Nthawi nayo imawerengeredwa. China ili patsogolo ndi maola 6 poyerekeza ndi Malawi, kotero uthenga wotumizidwa masana kuno umawerengedwa mawa lake. Pa nyengo ya chaka chatsopano cha Chitchaina, chimene chimagwa kumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale, mafakitale ambiri amatseka kwa masabata angapo.

Mayankho akabwera

Si kawirikawiri kuti mayankho onse abwere nthawi imodzi. Sapulaya amayankha mafunso osavuta n'kudumpha ovuta. Uthenga wachiwiri subwereza zonse. Umathokoza pa zimene zafika n'kutchula nambala za mafunso otsala okha. Mayankho amene afika amayerekezedwa okhaokha: ngati katoni ya nyali 24 akuti ikulemera makilogalamu 11, koma nyali imodzi ndi panelo yake akuti ndi magalamu 600, ndiye kuti nyali zokha zafika kale makilogalamu 14.4, ndipo imodzi mwa nambalazi ndi yolakwika. Nyali imodzi yachitsanzo ikafika, tepi yoyezera, sikelo ya kukhitchini ndi usiku umodzi woiyatsa mpaka izime zimatsimikizira kapena kutsutsa zambiri mwa zimene zalembedwa.

Zosowa sizilemera mofanana. Dzina la pulasitiki likasowa, katundu akhoza kuikidwa pa malonda popanda kulonjeza kalikonse za kupirira dzuwa. Lipoti la IP likasowa, mawu onse onena za madzi amachotsedwa. Maola oyaka akasowa, amalembedwa amene sitolo yayeza yokha, pamodzi ndi mlingo wa kuwala umene inayesera. Koma pepala la UN 38.3 lotchula batire lenilenilo likasowa, nkhani imathera pomwepo: nyaliyo siiikidwa pa malonda ndipo ndalama sizitumizidwa.